Mawu afike liwu lisanamveke: mlungu wa liriki vidiyo

Ntchito yaikulu ya mlungu uno inali liriki vidiyo ya nyimbo yauzimu, ya mayi wina woyimba wa kuno ku Blantyre. Ndalama zojambulira vidiyo ya makamera ndi ovina zinali zisanakwane, koma nyimbo inkayenera kutuluka Lamlungu. Ndiye anasankha zimene oyimba ambiri akuchita masiku ano, zoti mawu a nyimbo azioneka okha pa sikirini, akulowa, akusintha mtundu ndi kutuluka motsatana ndi mmene iwo akuyimbira. Anafuna mavidiyo awiri. Yoyamba yopingasa, 1920 × 1080, ya nyimbo yonse, yopita pa YouTube. Yachiwiri yoimirira, 1080 × 1920, ya kolasi yokha, yoti iziyenda pa TikTok ndi pa sitetasi ya WhatsApp.

Lolemba sindinakhudze After Effects, pulogalamu ya pa kompyuta imene ndimapangira mavidiyo otere, mpaka madzulo. Chimene ndinali nacho m'manja inali MP3 yotumizidwa pafoni ndi chithunzi cha pepala la mawu olembedwa pamanja, ndipo pa ziwirizi palibe chomangirapo ntchito. Ndinaimbira pulodyusa wa nyimboyo kumupempha zinthu zitatu: nyimbo yomalizidwa ya WAV pa 48 kHz, liwu la mayiyo palokha popanda zida, ndi liwiro la nyimbo, kutanthauza kuchuluka kwa mabiti, kapena kuti kugunda, pa mphindi imodzi. Ndinatsindika kuti fayilo ya liwu iyambire pamalo pomwe nyimbo yonse ikuyambira, ngakhale kutakhala masekondi ambiri a zii kumayambiriro, kuti ndikaziika pamodzi zigwirizane popanda kukankha chilichonse.

"Liwiro ndi 96, akulu," anatero. "Tinajambula ndi kiliki, sikusuntha ayi."

Mawu akuti kiliki ndinawakonda. Akutanthauza kuti oyimba onse ankatsatira kugunda kwa makina, choncho biti ya kumayambiriro ndi ya kumapeto n'zotalika mofanana. Kwaya yojambulidwa m'tchalitchi siikhala choncho, imathamanga pa kolasi n'kubwerera pa vesi, ndipo masamu onse amene ndifotokoze apa sagwira.

Pepala la mawu nalo linali ndi zake. Woyimba amalemba zimene anapeka, osati zimene anayimba. Pamzere wina pepala linkati "ndinakuitanani mumdima", pomwe pakamwa pankatuluka "ndinakuitanani m'mdima", phatikizo limodzi litamezedwa. Kolasi yachitatu inali ndi mzere umene papepala panalibiretu. Ndinamvetsera liwu lokhalo, n'kutaipa zimene zikumveka, n'kuwatumizira mayiyo kuti avomereze mzere ndi mzere. Ndimachita izi pachiyambi chifukwa chilembo chimodzi chikawonjezeka pambuyo pake, manambala amene ndimaika pa maphatikizo amasokonekera onse.

Madzulo ndinakonza mizere ya mabiti. Ndimagwira pa mafulemu 25 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 25 zotsatana pa sekondi iliyonse, ndipo kuti ndidziwe kutalika kwa biti imodzi ndimawerengera chonchi:

```
25 × 60 ÷ 96 = 15.625
```

Biti imodzi ndi mafulemu 15.625, nambala yosakwana bwino, ndipo kiyifulemu, chizindikiro chouza kompyuta pamene chinthu chisinthire, nthawi zambiri imakhala pa fulemu, osati pakati pa mafulemu awiri. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine anati tingotenga 16, kusiyana kwake n'kochepa. N'kochepadi pa biti imodzi: 0.375 ya fulemu. Koma kumaunjikana. Pakatha mabiti 8 mwatsalira ndi mafulemu 3. Pakatha mabiti 64, amene ndi masekondi 40, mwatsalira ndi mafulemu 24, pafupifupi sekondi yathunthu. Nyimbo iyi ndi ya masekondi 220, mabiti 352, ndiye pofika kumapeto zithunzi zikanakhala m'mbuyo ndi masekondi opitirira 5. Mukaona vidiyo imene imayamba bwinobwino koma n'kumataya nyimbo pang'onopang'ono, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli. Ikakhala kuti yaphonya mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, limenelo ndi vuto lina, la poyambira, ndipo limatha pongokankha zonse kamodzi.

Mwayi wa 96 ndi woti mabiti 8 amakwana mafulemu 125 ndendende, masekondi 5 opanda chotsala. Ndiye ndinaika mamaka, zizindikiro zosonyeza malo m'nyimbo, a mabiti 8 oyamba pa mafulemu 0, 16, 31, 47, 63, 78, 94 ndi 109, iliyonse pa fulemu yoyandikira kwambiri malo ake enieni, kenako n'kumabwereza gulu limeneli pa mafulemu 125 aliwonse. Palibe maka imene yaphonya koposa theka la fulemu, ndipo kuphonyako sikukula. Mizere imeneyi ndi ya zinthu za kumbuyo: kuwala kumene kumaphethira ng'oma ikagunda, ndi kusintha kwa mtundu kolasi ikamayamba. Mawu sayenda pa mizere imeneyi. Mawu amatsata pakamwa pa woyimba, ndipo woyimba wabwino sakhala pa biti nthawi zonse. Mayi awa amakonda kulowa mochedwerako pa vesi, mwadala, ndipo kukoma kwa nyimboyo kuli pomwepo. Mukamangirira mawu awo ku ng'oma, wowonera amamva kuti china chake sichili bwino ngakhale sangathe kuchitchula.

Lachiwiri lonse linathera pa mamaka a liwu, ndipo ndi tsiku limene vidiyo imakomera kapena kuipira, ngakhale kuti munthu wodutsa akasuzumira pa sikirini sangaone chokongola chilichonse. Poyamba timaseweretsa nyimbo n'kumadina `*` wa ku mabatani a manambala pa mawu aliwonse, leya ya liwu, mzere umene liwulo lakhalapo mu pulogalamuyo, itasankhidwa. Mnyamata uja ndiye anadina vesi yoyamba. Titadina `L` kawiri kuti mafunde a liwu aoneke, mamaka ake onse anali kumanja kwa pamene funde likuyambira, ena ndi mafulemu 7, ena 9.

"Koma ndimadina pompo ndikangomva, akulu."

"Ukumvera pa chiyani?"

Anali ndi mahedifoni a Bluetooth. Mahedifoni otere amachedwetsa mawu, nthawi zambiri ndi gawo ngati limodzi la magawo asanu a sekondi, amene ndi mafulemu 5 pa liwiro lathu. Pamwamba pa apo, chala cha munthu chimachedwanso pakati pa kumva ndi kudina. N'chifukwa chake pa tebulo langa pamakhala mahedifoni a waya, ndipo kudina ndimakutenga ngati kungoponya mamaka pafupi ndi kwawo. Ntchito yeniyeni ndi yobwerera pa maka iliyonse, kukulitsa mafunde, kugwira `Ctrl` n'kumakoka cholozera nthawi pang'onopang'ono kuti khutu limve pamene mawu akuyambira, n'kuikokera pamenepo.

Pamenepo pali nkhani. Mawu oyamba ndi p, t kapena k savuta, funde limadumpha mooneka ngati khoma. Koma mawu athu ambiri amayamba ndi kamvekedwe ka m'mphuno: ndi, mbu, nkha, mpha. Pa mafunde, n kapena m amaoneka ngati kachingwe kopyapyala kotsogola, kenako ndiye funde lalikulu la chilembo cha liwu. Khutu limamva kugunda kwa phatikizo pa funde lalikululo, osati pa kachingweko. Ndiye maka ndimaiika pamene chilembo cha liwu chikutseguka. Mawu oyamba ndi s nawonso ali choncho: mpweya wa s umayamba msanga, nthawi zina mafulemu 3 a, e, i, o kapena u asanamveke. Ovuta kwambiri ndi oyamba ndi w kapena y akatsatana ndi mawu othera pa chilembo cha liwu, monga mawu athu amathera, chifukwa funde silidukapo n'komwe. Apo maso sathandiza, ndi khutu basi.

Maka ikakhala pamalo pake, funso ndi loti n'chiyani chichitike pa makayo. Ophunzira ambiri amayambitsa kuyenda kwa mawu pa maka. Mawu amayamba kulowa liwu likumveka, n'kudzakhazikika patapita mafulemu 6 kapena 8, woyimba ali kale pa mawu otsatira. Zimaoneka zaulesi, zokokedwa. Posinja, munsi umakwera kaye, ndipo chimene timamva ndi pamene wafika mumtondo. Mawu nawonso ayambe ulendo msanga kuti kufika kwawo ndiko kugwere pa liwu.

Ine ndimapitirira pamenepo, ndimawafikitsa mafulemu 2 liwu lisanamveke. Pali chifukwa chake. Akatswiri a wailesi yakanema anayesa kale mmene anthu amazindikirira kusagwirizana kwa mawu ndi milomo, ndipo chikalata cha ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, chotchedwa BT.1359 chimati munthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola chithunzi ndi mamilisekondi 45, koma mawu akatsalira m'mbuyo sazindikira mpaka pa mamilisekondi 125. Fulemu yathu imodzi ndi mamilisekondi 40. Ndiye chithunzi chikachedwa ndi fulemu imodzi yokha mwayandikira kale malire, pomwe chikafulumira muli ndi mpata wa mafulemu 3. Muyesowo unali wa milomo ya anthu, osati malembo, koma pa tebulo langa ndimaona zomwezo, ndipo malembo ali ndi chifukwa china chowonjezera: diso limafunika kanthawi koti liwerenge. Wowonera akufuna ayimbe nawo, ndiye mawu awaone kaye.

Kuti ndisamaike makiyifulemu pa mawu aliwonse a nyimbo yonse, mavesi ndimawayendetsa ndi kachidutswa ka khodi. Mzere uliwonse umakhala leya yakeyake yokhala ndi mamaka ofanana ndi chiwerengero cha mawu ake. Pa leyayo ndimaika `Animator` ya `Opacity` pa 0 ndi `Position` yotsika mapikiselo 60, ndi `Expression Selector` imene `Based On` yake ili pa `Words`. Pa `Amount` pamapita izi:

```
var n = Math.min(textIndex, marker.numKeys);
var fika = marker.key(n).time - framesToTime(2);
var a = easeOut(time, fika - framesToTime(5), fika, 100, 0);
[a, a, a];
```

Tanthauzo lake n'losavuta. Mawu achitatu amayang'ana maka yachitatu, amayamba kukwera kutatsala mafulemu 7, n'kukhazikika mofewa kutatsala 2. Kasitomala akanena kuti mawu akuti achedwa, ndimangokoka maka imodzi. Chofunika kusamala ndi kuwerenga: mamaka akachepa ndi imodzi, mawu awiri omaliza amalowera limodzi, ndipo mukaona zimenezo dziwani kuti pena pake pakati pa mzere mwadumpha mawu aafupi ngati "a" kapena "ndi".

Lachitatu linali la kolasi, ndipo kolasiyo yagona pa mawu amodzi: Sindidzakusiyaninso. Malembo 19, maphatikizo 8, chiganizo chathunthu chopanda mpata ngakhale umodzi. Matempuleti ogula anakonzedwera mawu aafupi a malembo anayi kapena asanu oti aziphulika limodzilimodzi pa biti, ndipo After Effects imadziwa kugawa zolemba m'malembo, m'mawu ndi m'mizere basi. Phatikizo siilidziwa. Mukasankha `Words`, mawu onsewa amatulukira kamodzi n'kuima chilili masekondi 5 mayi akuyimba. Mukasankha `Characters` n'kuisiya iziyenda yokha, malembo amabwera limodzilimodzi mofanana kutalika: n payekha, d payekha, i payekha, zimene palibe pakamwa pamatchula.

Njira yanga ndi iyi. Mawu onse amalowa athunthu, oyera, kutatsala mafulemu 6 kuti ayimbidwe, kuti munthu aone chiganizo chonse kuchokera pa "si" wokana mpaka pa "nso". Kenako mtundu wachikasu umayenda phatikizo ndi phatikizo. Ndimaika `Animator` ya `Fill Color`, ndipo mu `Range Selector` ndimasintha `Units` kuchoka pa `Percentage` kupita pa `Index`, kuti ndiziwerenga malembo osati maperesenti. `Start` imatsala pa 0. `End` ndiyo imalumpha, ndipo manambala ake ndi malembo ophatikiza kuyambira kumanzere: si ndi 2, ndi afikitsa 5, dza 8, ku 10, si 12, ya 14, ni 16, nso 19. Makiyifulemu onse ndimawasandutsa oima ndi `Toggle Hold Keyframe`, kuti mtundu usamakwawe chilembo ndi chilembo koma uzilumpha phatikizo lonse nthawi imodzi. Kankhodolero nakonso kamawerengedwa ngati chilembo. Pa mawu akuti pang'ono a mu vesi yachiwiri, manambala ndi 2, 6, 8. Mukakaiwala, mtundu umaima pakati pa phatikizo ndipo o amatsala woyera.

Mayiwa amayimba maphatikizo asanu ndi limodzi oyamba mothamanga, lililonse theka la biti, pafupifupi mafulemu 8. Akafika pa "ni" amakoka mabiti atatu athunthu, mafulemu 47, kenako "nso" amangomugwetsa mwachidule. Si zawo zokha zimenezi. Polankhula timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo oyimba athu ambiri amakoka pomwepo. Kwa ine zikutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, pali masekondi pafupifupi awiri pamene chikasu chaima pa 16 ndipo sikirini ikhoza kuoneka ngati yafa. Ndiye m'kati mwa kukokako ndimakulitsa mawu onse pang'onopang'ono kuchoka pa 100 kufika pa 106 peresenti, ndi kutalikitsa mipata ya malembo pang'ono, zoti wowonera sazindikira kuti zikuyenda koma amamva kuti mawu akupuma limodzi ndi woyimba. Chachiwiri, "nso" ndi wamfupi kwambiri moti mzere ukachoka liwu likangotha, palibe amene angaone kuti anasanduka wachikasu. Ndimausiya mafulemu 10 owonjezera, ngakhale zitatanthauza kuti mzere wotsatira uyambe kulowa m'munsi uwu usanachoke.

Fonti tinasankha tsiku lomwelo. Mayiwa anatumiza chithunzi cha fonti yopyapyala yopotanapotana ngati ya pa khadi la ukwati. Ndinaiyesa pa mawu akuti maŵa, amene iwo anaumirira kuti alembedwe ndi ŵ wa kachipewa monga anaphunzirira kusukulu. Fontiyo inalibe chilembo chimenechi, ndipo pamalo pake panabwera ŵ wobwereka ku fonti ina, wonenepa mosiyana ndi anzake. Mafonti ambiri okongoletsera ali choncho. Ndisanalonjeze fonti iliyonse ndimataipa kaye ŵ, Ŵ ndi ng' n'kuyang'anitsitsa. Tinagwirizana pa Montserrat yonenepa, imene ili ndi zilembozi ndipo imawerengeka pa foni yaing'ono.

Lachinayi m'mawa pulodyusa anaimba kuti awonjezera mabala awiri a piyano kumayambiriro, chifukwa mayi aona kuti nyimbo ikuyamba modzidzimutsa. Mnyamata uja nkhope inagwa. Koma mabala awiri ndi mabiti 8, ndipo mabiti 8 ndi mafulemu 125 aja. Tinasankha maleya onse, kuwakankha masekondi 5 kupita kumanja, kuika WAV yatsopano, n'kuyang'ana malo atatu: mawu oyamba, pakati, ndi mawu omaliza. Onse anagwera pamalo pake. Mamaka amakhala pa leya, ndiye amasamuka nayo limodzi. Akanakhala kuti asintha liwiro, kuchoka pa 96 kupita pa 98, tikanayambiranso Lachiwiri, ndipo ndimanena pachiyambi kuti kusintha kotero kuli ndi mtengo wake.

Masana ndinalowetsapo kantchito kena kakang'ono, ka bungwe lina: masekondi 30 a mawu a mlimi wachikulire akufotokoza za kusunga mbewu, ojambulidwa pafoni kumudzi. Vidiyo za pafoni nthawi zambiri liwiro la mafulemu ake limasinthasintha m'kati, ndipo zikalowa choncho mu After Effects mawu amatha kuterereka. Chithunzi sitinkachifuna, ndiye ndinangotulutsa liwu lokha:

```
ffmpeg -i mlimi.mp4 -vn -ar 48000 mlimi.wav
```

Zolankhula zilibe biti, ndipo ndimazikonda kuposa nyimbo. Chimene chimagawa mizere ndi mpweya. Pamene gogoyo akupuma, mafunde amagwa, ndipo mzere umathera pomwepo, kaya chiganizo chatha kaya ayi. Sindiyendetsa mawu aliwonse payekhapayekha, chifukwa munthu wolankhula amathamanga kuposa woyimba ndipo sikirini imasanduka chipwirikiti. Ndimalowetsa kagulu ka mawu atatu kapena anayi limodzi, n'kusankhapo amodzi okha pa mpweya uliwonse oti akule. Osankha si ine, ndi liwu la wolankhulayo: pamene wakweza kapena wakoka. A bungwe ankafuna dzina la pulojekiti yawo ndilo likule koposa. Gogoyo anali atalitchula mothamanga, chapansipansi, koma anakweza mawu pa "nkhokwe" ndipo anakhala kaye chete asananene "njala". Ndinawatumizira mitundu yonse iwiri. Anasankha ya gogo, dzina lawo n'kupita kumapeto pamodzi ndi chizindikiro chawo. Pa kachetechete kaja ndinasiya sikirini yopanda kanthu mafulemu 14, ndipo mpata umenewo ndi umene anthu a mu ofesi yawo anautchula poyankha.

Lachisanu mayi aja anabwera kudzaonera. Ndimayamba ndi kuwaonetsa ndi mawu, kenako ndimatseka sipika n'kuwapempha kuti ayimbe okha potsata malembo. Munthu akatha kuyimba nyimbo yake poyang'ana sikirini ya zii osasochera, ndiye kuti nthawi zili bwino. Anayimba vesi yoyamba ndi kolasi mosavuta. Pa vesi yachiwiri anaima.

"Apa achimwene, mawu akundithawa. Ndisanamalize kuwerenga achoka kale."

Ankanena zoona, ndipo mamaka sanali olakwika. Vesi yachiwiri ili ndi mawu ochuluka pa mabala omwewo, ndipo mzere uliwonse unkachoka kuti upatse malo wotsatira. Kufika kunali pa nthawi, koma kukhala kunali kochepa. Tinasintha kuti mizere iwiri izioneka limodzi: woyimbidwa uli pakati, wowala, ndipo umene wangotha ukwere m'mwamba n'kuzilala kufika pa 40 peresenti, n'kudzachoka wachitatu akamalowa. Tinachepetsanso kuyenda, kuchoka pa mapikiselo 60 kufika pa 25, pakuti mawu akamathamanga diso silingakwanitse kuwathamangitsa ndi kuwawerenga nthawi imodzi.

Anapemphanso kuti chikasu chija chikhale chofiira, mtundu wa yunifomu ya kwaya yawo, pamwamba pa buluu wa kumbuyo. Apa ndinakana, koma ndinakana powaonetsa. Ndinarenda masekondi 10, kutanthauza kuwatulutsa ngati vidiyo, n'kuwatumizira pa WhatsApp ali pompo. Vidiyo za H.264 zimene timatumizirana zimasunga kuwala mwatsatanetsatane koma mitundu zimaisunga pa theka la kukula m'litali ndi m'lifupi. Choyera kapena chachikasu pa buluu wakuda chimasiyana ndi kumbuyo pa kuwala, ndiye m'mphepete mwa malembo mumakhala mwakuthwa. Chofiira ndi buluu zimasiyana kwambiri pa mtundu koma pa kuwala n'zoyandikana, ndiye malembo amatuluka ndi m'mphepete mwa manomano, ndipo WhatsApp ikafinyanso vidiyoyo amachita kusungunuka. Anayang'ana foni yawo, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Iii, ayi. Bwezerani chachikasu chija."

Chofiira chinapita pa kamzere kokongoletsa pansi pa mutu wa nyimbo, pamene palibe chowerenga.

Magetsi anazima madzulo kurenda kuli pakati, koma ntchito zazitali ndimazitulutsa kaye ngati zithunzi za PNG, fulemu iliyonse payokha, ndiye atayaka inangopitiriza pamene inalekera. Nyimboyi, ndi mabala owonjezera aja, inakwana mafulemu 5,625. Kuwalumikiza ndi WAV kukhala MP4 ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Loweruka linatsala la vidiyo yoimirira, imene anthu amaganiza kuti ndi kungotembenuza sikirini. Mamaka ndi makiyifulemu amakhala omwewo, koma kakhalidwe ka malembo kamayambiranso. M'lifupi muli mapikiselo 1080, ndipo ndikasiya 120 mbali iliyonse, popeza kumanja kwa TikTok kuli mabatani, patsala 840. Malembo 19 a Sindidzakusiyaninso m'malo amenewo ndi mapikiselo 44 pa chilembo, mawu ofunika kwambiri m'nyimbo n'kukhala aang'ono koposa onse. Ndinawadula pawiri. Podula sipangakhale paliponse: pakati penipeni pa malembo pakanang'amba phatikizo kapena kusiya chidutswa chopanda tanthauzo. Ndinadula pakati pa "Sindidza" ndi "kusiyaninso", malembo 8 pamwamba ndi 11 pansi, pamene mayiwo amagunda biti ndipo diso likhoza kutsika popanda kutaya mawu. Kamzere kodulira sindinaikepo, mtundu woyenda uja ndiwo umalumikiza mizere iwiriyo. Malembo anakula kufika mapikiselo 76 chilichonse. Mzere uliwonse ndinaupatsa leya yake, wapamwamba ndi manambala 2, 5, 8, wapansi ndi 2, 4, 6, 8, 11, ndipo zonse ndinazikweza pamwamba pa pakati pang'ono kuti zisabisike ndi dzina ndi zolemba zimene TikTok imaika m'munsi.

Ndisanatumize ndinaonera pa foni yotchipa ya mnyamata uja, ndi sipika ya foniyo, panja padzuwa, popeza anthu ambiri adzaonera motero. Mzere wozilala uja pa 40 peresenti sunkaoneka n'komwe, ndiye ndinaukweza kufika pa 55. Mafayilo ndinawatumiza pa WhatsApp ngati `Document` kuti asafinyidwe panjira, limodzi ndi uthenga wowauza mayiwo kuti poika pa YouTube atenge fayilo imeneyo, osati ija ya masekondi 10 yoyesera chofiira imene idakali mu foni yawo.